Kuwerenga Mlozo Wochongera: Zimene Wochonga Amafuna Akamati "Zukutani"

Mlimi wa fodya wa ku Migowi akakhala m'chigafa kusankha masamba, sayika tsamba pamulu chifukwa choti alikonda. Amayang'ana kutalika kwake, mtundu wake, kukhuthala kwake, komanso ngati lili ndi mawanga kapena lang'ambika. Amadziwa kale zimene wogula akayang'ane, ndipo ankazidziwa ngakhale pamene fodyayo anali akadali pa nazale. Mlozo wochongera, umene m'makoleji ambiri amangoutchula kuti rubiriki, umagwira ntchito yomweyo pa chimangirizo. Ndi pepala limene limanena zinthu zimene wochonga ayang'ane, malikisi a chinthu chilichonse, ndi mmene ntchito yapamwamba, yapakati ndi yofooka imaonekera. Dzina lakuti rubiriki linachokera ku liwu la Chilatini lonena za dothi lofiira, poti alembi akale a ku Ulaya ankalemba mitu ndi malangizo ndi inki yofiira kuti zionekere patali.

Pepalali limasiyana ndi mndandanda wa mayankho umene amachongera mafunso aafupi. Funso likati tchulani mitsinje itatu yothira m'nyanja ya Chilwa, wochonga amangoyang'ana ngati mwalemba Phalombe, Likangala, Domasi kapena wina woona, n'kupereka malikisi atatu. Chimangirizo sichichongedwa chotero, chifukwa anthu awiri angathe kulemba mfundo zofanana ndendende koma wina n'kupeza malikisi ambiri kuposa mnzake. Kusiyanako kumakhala pa zimene aliyense wachita nazo mfundozo, ndipo mlozo ndiwo umanena zimenezo. N'zomvetsa chisoni kuti ophunzira ambiri amaulandira pamodzi ndi funso, n'kuupinda, n'kudzautsegula ntchito itabwerako kale ndi inki yofiira.

Tiyerekeze wophunzira wa zauphunzitsi pa koleji ina, wochokera kumunsi kwa phiri la Michesi. Wapatsidwa asayimenti ya mawu 800 pa funso ili: "Zukutani maganizo akuti kudula mitengo m'mapiri ndiko kumachititsa ngozi za madzi osefukira m'boma la Phalombe." Mlozo umene ndikupereka pano ndi wongoyerekeza, koma kamangidwe kake ndi kamene mungapeze m'malo ambiri. Malikisi onse ndi 40. Kumvetsa mutu ndi kulondola kwa mfundo kwapatsidwa 10, kuzukuta mozama 14, maganizo a mwini wake 6, kasanjidwe ka ndime 6, ndipo chiyankhulo ndi kutchula kumene mfundo zachokera 4.

Chinthu choyamba kuwerenga ndi manambalawa. Malikisi 14 mwa 40 ndi 35 pa 100 iliyonse, ndipo mukaphatikizapo 6 a maganizo a mwini wake mwafika pa 20, theka lenileni. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wolemba Chingerezi chosalala, wodziwa madeti onse, wosanja ndime bwino, akhoza kutolera malikisi ake onse m'zigawo zitatuzo koma n'kungofika pa theka. Manambalawa amauzanso wolemba mmene agawire mawu ake. Ngati pa mawu 800 mwathera 500 kufotokoza mbiri ya ngozi, mwatsala ndi malo ochepa kwambiri ochitira ntchito imene ili ndi malikisi ochuluka.

Chachiwiri, chimene ambiri sachita, ndi kuwerenga mopingasa. Mzere uliwonse wa mlozo umagawidwa m'mabokosi, kawirikawiri anayi kapena asanu, kuyambira ntchito yofooka mpaka yapamwamba. Wophunzira amathamangira bokosi lapamwamba, n'kuwerenga mawu akuluakulu, n'kugwedeza mutu. Phindu lili poika chala chimodzi pa bokosi lina, chala china pa bokosi loyandikana nalo, n'kufunsa kuti, kodi ndi mawu ati asintha? Pa mzere wathu wa kuzukuta, bokosi la malikisi 1 mpaka 3 likuti wolemba "wangofotokoza zimene zinachitika." La 4 mpaka 7 likuti "wapereka zifukwa koma sanaziyese." La 8 mpaka 11 likuti "wayerekeza zifukwa zosiyana pogwiritsa ntchito umboni." La 12 mpaka 14 likuti "wayeza mphamvu ndi malire a umboni n'kufika pa chigamulo chochirikizidwa." Aneni ndiwo asenza katundu yense apa: kufotokoza, kupereka zifukwa, kuyerekeza, kuyeza n'kugamula. Makwerero amenewa akufanana ndi amene Benjamin Bloom ndi anzake anasanja ku America m'chaka cha 1956, kuyambira pa kukumbukira, kumvetsa ndi kugwiritsa ntchito, mpaka pa kuzukuta ndi kuweruza. Milozo yambiri ya masiku ano imatsatirabe mapazi amenewo, n'chifukwa chake mukauzolowera umodzi, ina siivuta.

Tsono wophunzira wathu walemba koyamba. Wayamba ndi ngozi ya mu Malichi 1991, pamene mvula inagwa kwa masiku angapo ndipo matope, miyala ndi madzi zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Wapitiriza ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, Phalombe ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Kenako walemba ndime yonena kuti anthu amadula mitengo pofuna nkhuni, makala ndi minda, kuti mizu imagwira dothi, ndiponso kuti mitengo ikatha madzi amathamanga. Watseka ndi pempho loti boma ndi mafumu alimbikitse kubzala mitengo. Zonsezi n'zoona, ndipo zalembedwa ndi mtima wa munthu amene maliro a ngozizi anawaona. Koma wochonga wapereka 8 pa mfundo, 4 pa kuzukuta, 2 pa maganizo a mwini wake, 5 pa kasanjidwe ndi 3 pa chiyankhulo. Zonse pamodzi 22. M'mphepete mwa pepala walembamo mawu awiri okha: "Mwangofotokoza. Zukutani."

Pamenepa ndi pamene wophunzira amakhumudwa, ndipo sindimuimba mlandu. Liwu la Chingerezi limene limalembedwa pa mzerewu, lija timalitchula kuti kiritiko, ambiri amalimva ngati kudzudzula kapena kupeza zifukwa. Ena amaganiza kuti akuuzidwa kuti anyoze boma kapena atsutse buku, ndipo kwa mwana amene anakula akuphunzitsidwa kuti mawu a akulu satsutsa, zimenezo zimamveka ngati mwano. Koma gwero la liwulo ndi Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kulekanitsa ndi kuweruza. Ntchito imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Pitani pabwalo la mfumu kwa Nazombe kapena kwa Mkhumba tsiku la mlandu wa malire a munda. Wodandaula akanena kuti malire anali pa mtengo wa mango, nduna sizimutsutsa ndiponso sizimuvomereza msanga. Zimafunsa kuti, "Kodi inu bambo, munaona ndi maso anu kapena munangomva? Mangowo anabzala ndani, chaka chiti? Nanga mbali inayi ikuti bwanji?" Zikamva zonse, mfumu imagamula n'kunena chifukwa chake. Mlozo ukamati zukutani, ukupempha wolemba kuti akhale nduna ndi mfumu pa mlandu wa mfundo. Wophunzira wathu analemba ngati mboni ya mbali imodzi.

Tiyeni tsono tiuzenge mlanduwo. Mfundo yoti kudula mitengo ndiko kumachititsa ngozi ili ndi umboni wake. Masamba ndi nthambi zimachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, zinyalala za pansi pa nkhalango zimamwa madzi, ndipo mizu imamanga dothi lapamwamba ngati ukonde. Phiri likayera, madzi amatsika msanga, mitsinje imadzaza mchenga, ndipo mvula imene kale inkangodzaza mtsinje tsopano imausefukiritsa. Nduna yabwino ikamva zimenezi imafunsa funso limodzi: kodi zinachitikapo mitengo ikadalipo yambiri? Yankho ndi inde. Mu Disembala 1946 madzi ndi matope zinatsika m'phiri la Zomba n'kuwononga tawuniyo, nthawi imene dziko lonse la Nyasalande linali ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni okha, pamene kalembera wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Ndiponso dzina lakuti napolo, chinjoka chimene akuluakulu ankati chimasamuka kuchoka m'phiri kupita kunyanja chikugumula zonse m'njira, ndi lakale kuposa malonda a makala a masiku ano. Anthu sapatsa dzina chinthu chimene sanachionepo.

Pali chifukwa chimene phiri limagumukira mitengo ilipo. M'malo otsetsereka kwambiri, dothi limakhala lochepa pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi amalowa mpaka pathanthwepo, n'kulephera kupitirira, ndipo dothi lonse limalemera n'kutereka. Likaterereka chotero limatenga mitengo ndi mizu yomwe. Mizu imathandiza pa mvula wamba ndi pa dothi losaya, koma ili ndi malire ake. Palinso mbali yachitatu imene funso silinatchule: kumene anthu amanga. Phalombe ali ndi anthu oposa 400,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo kusowa kwa malo kwakankhira midzi ndi minda kufupi ndi phiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Madzi omwewo akadutsa m'tchire amangotchedwa mvula yambiri, koma akapeza nyumba ndiye timati ngozi.

Onani mmene ndime ingasinthire. Poyamba analemba kuti: "Kudula mitengo kumachititsa madzi osefukira chifukwa mizu imagwira dothi. Choncho anthu asiye kudula mitengo." Polembanso akuti: "Kudula mitengo kumafotokoza bwino chifukwa chimene mitsinje ya kuchigwa imasefukira pafupipafupi, pakuti madzi amatsika msanga ndipo mchenga wakwirira njira zake. Koma sikufotokoza mokwanira kugumuka kwa mapiri monga kwa 1991, chifukwa ngozi yofanana nayo inachitika ku Zomba mu 1946 anthu akadali ochepa, ndipo dothi lonyowa mpaka pathanthwe limaterereka ndi mitengo yomwe. Choncho ndikuona kuti kudula mitengo kumakulitsa ngozi, koma chimene chimayambitsa kugumuka ndi mvula yoopsa pamalo otsetsereka, ndipo chimene chimachulukitsa imfa ndi malo amene midzi yamangidwa." Mfundo zatsopano muno n'zochepa. Chimene chasintha n'chakuti wolemba walekanitsa zinthu ziwiri zimene funso linaziphatikiza, kusefukira kwa mtsinje ndi kugumuka kwa phiri, wayesa mfundoyo pa chilichonse, n'kunena pamene yagwira ndi pamene yalephera. Kulekanitsa koteroko ndiye mtima wa kuzukuta.

Pali njira yodziyesera nokha musanapereke ntchito. Tengani pensulo, dulani mzere kunsi kwa chiganizo chilichonse chimene chikungonena zimene zinachitika kapena zimene wina ananena. Kenako zingani mawu monga "chifukwa", "koma", "pokhapokha", "kusiyana ndi", "izi zikusonyeza kuti". Ngati tsamba lonse ladzaza mizere popanda zozingidwa, muli m'bokosi lapansi ngakhale mfundo zanu zikhale zoona chotani. Chenjezo ndi lakuti mawuwa paokha sagula malikisi. Ndawerengapo ntchito zambiri zimene ndime iliyonse imayamba ndi "komabe" koma chotsatira chake n'kungobwereza zomwe zija. Vuto lina ndi la wolemba amene amasanja ubwino utatu ndi kuipa kutatu, n'kutseka ndi mawu akuti mbali zonse zili ndi mfundo. Ameneyo wafika pa kuyerekeza koma wathawa chigamulo, ndipo mfumu imene yamva mboni zonse n'kubalalitsa bwalo osanena kanthu sinaweruze mlandu.

Mzere wa maganizo a mwini wake umaopsa anthu mwa njira ina. Wophunzira amafunsa kuti, ine wa chaka choyamba ndinganene chiyani chimene akatswiri sananenepo? Mlozo wa pa msinkhu umenewu sukupempha zimenezo. Kutulukira chinthu chatsopano pa dziko lonse ndi muyezo wa digiri ya udokotala. Pano tanthauzo lake lili pafupi ndi mmene timagwiritsira ntchito liwu lakuti orijino pa msika wa Chiringa pogula batire kapena sipeyala ya njinga: chinthu chochokeradi kwa amene dzina lake lalembedwapo, osati feki. Wochonga akufuna kuona kuti kusankha zitsanzo, kulumikiza mfundo ndi chigamulo zachokera m'mutu mwa wolembayo. Mu mlozo wathu bokosi lapansi likuti "wabwereza zolemba za m'kalasi", lapakati likuti "wabweretsa zitsanzo zake", lapamwamba likuti "wagwiritsa ntchito zitsanzo zake kumanga kapena kusintha mfundo."

Kusiyana kwa mabokosi awiri omalizawo n'kofunika kukumvetsa bwino, chifukwa mwana wa ku Phalombe ali ndi chuma pamenepa chimene mnzake wa ku Lilongwe alibe. Iye wayenda pakati pa miyala ikuluikulu imene ili m'minda kumunsi kwa Michesi, ina yaikulu ngati nyumba. Akangolemba kuti kwathu kuli miyala yotsika m'phiri, wabweretsa chitsanzo chake, ndipo ali pakati. Koma tiyerekeze kuti wayang'anitsitsa n'kuona kuti miyala ina ndi yoyera, agogo ake akukumbukira tsiku limene inafika, pamene ina ndi yakuda ndi ndere, yokwiririka theka m'dothi, mtengo waukulu wamera pambali pake, ndipo palibe wamoyo amene anaiona ikubwera. Akanena kuti miyala yakaleyo ikusonyeza kuti phirili linagumukapo kalekale, ndiponso kuti malo amene ili ndi njira imene matope angadzerenso, watenga zimene anaona ndi maso n'kuzisandutsa umboni pa mlandu umene akuzenga. Mfundoyi akatswiri a miyala amaidziwa, ndipo zimenezo sizimulanda malikisi. Iye waifikira yekha, pa malo ake, ndipo waiika pamene ikugwira ntchito.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kuganiza kuti "maganizo anga" ndi chilichonse chimene ndamva mumtima. Chiganizo choyamba ndi "ine ndikuganiza kuti" chopanda umboni kumbuyo kwake sichikwera bokosi lililonse. Nkhani ya agogo nayonso iyenera kufunsidwa mafunso a nduna aja, mwaulemu koma mosanyengerera: anaona okha kapena anamva? Akunena za mudzi umodzi kapena za boma lonse? Wolemba akavomereza yekha kuti umboni wake ndi wa mudzi umodzi ndipo sungayankhire phiri lonse la Mulanje, wochonga amamukweza, chifukwa bokosi lapamwamba lija la kuzukuta linatchula malire a umboni. Msampha wachiwiri ndi kubisa kumene mfundo zachokera poopa kuti ukatchula buku uoneka wopanda nzeru zako. Zoona zake n'zosiyana. Ukalemba kuti mfundo iyi ndaitenga kwa wakutiwakuti, wochonga amaona bwinobwino pamene mawu a mwini buku athera ndi pamene ako ayambira. Ukabisa, zonse zimasakanikirana, ndipo akazindikira chiganizo chimodzi chokopera amayamba kukayikira tsamba lonse. M'makoleji ambiri kukopera kotero ndi mlandu wa kuba, umene chilango chake chimaposa kutaya malikisi 6.

Ndinenenso mosabisa kuti mlozo si sikelo ya pa msika imene imawerenga chimodzimodzi kwa aliyense. Mawu monga "mozama", "mokwanira" ndi "mwaluso" amadalira diso la wochonga, ndipo aphunzitsi awiri oona mtima angasiyane ndi malikisi awiri kapena atatu pa pepala limodzi. N'chifukwa chake ochonga mayeso akuluakulu, monga a bungwe la MANEB, amayamba akhala pamodzi kugwirizana kachongedwe, ndipo wamkulu wawo amaonanso ena mwa mapepala ochongedwa. Ilipo milozo ina imene sigawa malikisi m'mizere konse, imangofotokoza ntchito yonse pa giredi iliyonse m'ndime imodzi, koma kawerengedwe kake n'komweko, kufunafuna mawu amene asintha pakati pa giredi ndi inzake. Ngati mawuwo sakumveka, wophunzira ali ndi ufulu wofunsa, ndipo funso lothandiza si lakuti "Aphunzitsi, mukufuna chiyani?" Lothandiza ndi lakuti, "Aphunzitsi, mungandionetseko ndime imene inapeza 7 ndi ina imene inapeza 11 pa mzere uwu?" Ndime ziwiri zoikidwa pamodzi zimaphunzitsa m'mphindi zisanu zimene tanthauzo lolembedwa limalephera kuphunzitsa teremu yonse. Kwa amene akuphunzira zauphunzitsi, monga a pa koleji ya aphunzitsi ya Phalombe, nkhaniyi ndi ya mbali ziwiri, pakuti posachedwa iwo ndiwo adzagwire cholembera chofiira, ndipo mwana wa Sitandade 7 adzawafunsa chifukwa chimene chimangirizo chake chapeza 12 pamene cha mnzake chapeza 16.

Wophunzira wathu atalembanso, mbiri ya 1991 ndi 2023 yafupikitsidwa kukhala mawu 150, ndime zitatu zikuzenga mlandu, imodzi ndi ya miyala ya kumudzi kwawo, ndipo mathero akuyankha funso mwachindunji. Malikisi a mfundo akadali 8, a kasanjidwe 5, a chiyankhulo 3. Kuzukuta kwakwera kuchoka pa 4 kufika pa 11, maganizo a mwini wake kuchoka pa 2 kufika pa 5, zonse pamodzi 32. Sanalowe m'bokosi la 12 mpaka 14 chifukwa cha chinthu chimodzi. Anagwiritsa ntchito ngozi ya ku Zomba ngati umboni woti mapiri amagumuka mitengo ilipo, koma anangodalira kuchepa kwa anthu m'dziko lonse, osaonetsa mmene nkhalango inalili pa malo enieni amene anagumukawo mu 1946, ndiponso osanena kuti pamenepo umboni wake ndi wopyapyala. Wochonga anazinga chiganizocho n'kulemba m'mphepete kuti: "Mwadziwa bwanji?"